Malaiki sagula pamela

Mu Lusaka masiku ano pafupifupi aliyense wa msinkhu wathu ali ndi kanthu kamene agulitsa pa foni. Wina nsapato za salaula, wina mawigi, wina makeke a pa tsiku lobadwa, wina mafuta onunkhira amene mlongo wake abweretsa kuchokera ku Nakonde. Ndipo tikakumana, funso limene timafunsana ndi limodzi: peji yako yafika pa anthu angati? Amene wafika 10,000 timamuwombera m'manja, amene ali pa 700 timamuuza kuti alimbikire. Funso limene timalilumpha ndi lakuti, mwa anthu onsewo, ndi angati anatumiza ndalama sabata yatha?

Maganizo athu ndi akuti chiwerengero cha otsatira ndiye nambala yopanda ntchito kwambiri pa manambala onse amene wogulitsa angathe kuyang'ana, ndiponso kuti mu mzinda uno ndalama zambiri sizitayika chifukwa chakuti anthu sanaone katundu. Zimatayika pambuyo pake, pakati pa uthenga woyamba wa kasitomala ndi mphindi imene iye akanikiza PIN yake. Pamenepo ndi pamene pafunika kukonza poyamba, ndipo kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri.

Anthu a zamalonda ali ndi chithunzi chimene amafotokozera ulendo umenewu. Amati ndi fanelo, monga ija ya pa kantemba yothirira saladi m'botolo: kukamwa kwakukulu pamwamba, kakhosi kakang'ono pansi. Maganizo ake ndi akale kuposa intaneti. Amatchulidwa pa dzina la E. St. Elmo Lewis, katswiri wotsatsa malonda wa ku Amereka, cha m'ma 1898: munthu amayamba waona chinthu, kenaka achita nacho chidwi, kenaka achilakalaka, pomaliza agula. Koma chithunzicho chili ndi bodza pang'ono. Fanelo ya saladi sitaya dontho, zonse zimene wathira pamwamba zimafika m'botolo. Fanelo ya malonda ndi yobooka m'mbali monse, ndipo ntchito ya wogulitsa ndi kudziwa bowo limene likutaya kwambiri.

Kuti tisalankhule zam'mwamba, tiyerekeze mtsikana wa ku Kabwata amene agulitsa nsapato za salaula, zija zamasewera zimene anyamata ndi atsikana avala ndi jinzi. Manambala amene tipereke ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, aliyense aikepo ake. Iye amalawirira ku tauni kukasankha pamene belo latsegulidwa, agula peya pa K180, aitsuka ndi kusintha zingwe pa K20, aigulitsa pa K350. Phindu ndi K150 pa peya. Ali ndi otsatira 8,000 pa Facebook ndi TikTok pamodzi. Sabata ina aika vidiyo, anthu 5,000 aiona. Mauthenga ndi makomenti ofunsa mtengo afika 60. Atawayankha ku inibokisi, 20 chabe apitiriza kukamba. Mwa amenewa 8 anena kuti atenga. Amene alipiradi ndi 4. Sabata yatha, m'thumba muli K600, ndipo sitinachotse bandulo ndi minibasi.

Mnzake aliyense adzamuuza kuti afunika otsatira ambiri. Koma taonani pamene anthu akutsikira. Kuchoka pa 60 kufika pa 20, anthu awiri mwa atatu aliwonse athawa atangomva mtengo. Kuchoka pa 8 kufika pa 4, theka la anthu amene anavomera kale ndi pakamwa pawo asowa. Anthu anayi amenewa anali ndi ndalama, anakonda nsapato, saizi inali yawo. Akanangosunga awiri mwa iwo, sabata ikanatha ndi K900 popanda kuwonjezera wotsatira ngakhale mmodzi. Kuti apeze K300 yomweyo kudzera pamwamba, afunika anthu enanso 2,500 aone vidiyo, ndiponso ayankhe mauthenga ena 30 ndi zala zake zomwezo.

Tiyambe ndi pamwamba, mwachidule, chifukwa pali nkhani imodzi chabe yofunika. Vidiyo siyenda monga minibasi imene ili ndi njira yake. TikTok imaonetsa vidiyo kwa anthu amene makina ake aganiza kuti adzaionera mpaka kumapeto, kaya ali ku Chelstone, ku Kitwe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Facebook nayo, makamaka kuyambira Januwale 2018 pamene Mark Zuckerberg analengeza kuti nkhani za abale ndi anzathu zidzaikidwa patsogolo pa za mapeji, sionetsa positi ya peji kwa onse amene aitsatira. Choncho otsatira 8,000 si anthu 8,000 oima pakhomo pa shopu. Ndipo mwa 5,000 amene aona, amene angathe kufika pa Kabwata lero kapena kulandira paselo mawa ndi gawo chabe. Mungathe kudzionera nokha mu Insights kapena Analytics, pamene pamaoneka malo a anthu amene akuonerani. Ngati ambiri ali kunja kwa Lusaka, vidiyo yavina bwino koma sinagwire ntchito. Mankhwala ake ndi osavuta: dzina la malo limveke pakamwa m'masekondi oyambirira, ndipo lilembedwe pa chithunzi. "Kabwata, pafupi ndi msika." Munthu wa ku Chilenje kapena Libala akamva zimenezo amadziwa kuti ndi ulendo wa miyendo.

Manje tifike pa mwambo umene tikufuna uthe, mwambo wa mawu atatu aja amene adzaza makomenti a Lusaka yonse: "inbox for price". Munthu afunsa poyera, "How much?", wogulitsa ayankha, "Check inbox". Pansi pake wina afunsa chomwecho, yankho ndi lomwelo, mpaka mzere wa anthu makumi anayi.

Amene amachita zimenezi ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zifukwa zopusa. Ena amati opikisana nawo adzaona mtengo ndi kutsitsa wawo ndi K20. Ena amati makomenti ambiri amakweza positi. Ena, ngakhale sanena poyera, amafuna ayambe aona chithunzi cha wofunsayo, kuti wa ku Kabulonga amve K450 ndipo wa ku Kabwata amve K350. Ndipo pali chifukwa chozama kuposa zonsezi: tinakulira pa Soweto ndi City Market, kumene mtengo ndi chiyambi cha kukambirana, osati mapeto ake.

Koma pa msika wogulitsa ndi wogula ayang'anana m'maso, nsapato ili m'manja, ndipo kukambirana kumatha m'mphindi ziwiri. Pa foni, munthu amene wafunsa mtengo ali m'minibasi pa Great East Road, chala chake chikupitiriza kutsetsereka. Pamene yankho lifika, wadutsa mapositi ena makumi atatu, mwina atatu mwa iwo ndi a nsapato. Wopikisana naye amene mukumubisira mtengo angathe kuudziwa ndi uthenga umodzi wochokera pa foni ya mng'ono wake. Amene mwamubisiradi ndi wogula wamanyazi, amene safuna kufunsa kuopa kuti akamva mtengo ndi kulephera, adzaoneka wosauka. Anthu otere ndi ambiri, ndipo sasiya chizindikiro chilichonse. Amangodutsa. Za mitengo iwiri nazo sizikhalitsa: Lusaka ndi wamkulu pa mapu chabe, wa ku Woodlands ndi wa ku Kabwata amapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo tsiku lina adzavala nsapato zofanana ndi kufunsana.

Mtsikana wathu akalemba pa chithunzi kuti saizi 6, K350, Kabwata, chinthu choyamba chimene adzaona chidzamuopsa: mauthenga adzatsika, mwina kuchoka pa 60 kufika pa 30. Ambiri amabwerera ku mwambo wakale pa sabata yomweyo, poganiza kuti bizinesi yagwa. Koma anthu 40 aja amene anathawa atamva mtengo sanali makasitomala, anali ntchito. Aliyense anadya mphindi zake ndi bandulo yake. Amene alemba manje adziwa kale mtengo ndi saizi, funso lawo loyamba ndi lakuti "ikalipo?", ndipo funso limenelo lili pafupi kwambiri ndi ndalama. Ngati mufuna malo okambirana mtengo, aikeni poyera: mapeya awiri K650. Zimenezo zimapatsa wogula chimwemwe chakuti wachotseredwa, popanda inu kutaya ola lonse mukukangana pa K30.

Sitepe yotsatira ndi kusamutsa munthu kuchoka pamene wakuonerani kupita pamene malonda amathera, ndipo kwa ife kumeneko ndi pa WhatsApp. Apa anthu amatayika pa zinthu zazing'ono zochititsa manyazi. Nambala yalembedwa pa chithunzi, munthu ayenera kuiloweza, kutuluka, kuisunga, kutsegula WhatsApp, kuisaka, ndiyeno kuganiza zolemba. Masitepe asanu ndi limodzi kwa munthu amene ali ndi chidwi cha theka la miniti. WhatsApp ili ndi linki imene imadumpha zonsezi. Mulemba 260, kenaka nambala yanu popanda ziro wa kutsogolo, ndipo mungathe kuikiratu mawu amene adzaoneka atalembedwa kale:

```
https://wa.me/26097XXXXXXX?text=Ndaona%20nsapato%20nambala%2014
```

Chizindikiro cha %20 chimaimira mpata pakati pa mawu. Munthu akakhudza linkiyo, macheza atseguka, mawu ali kale m'bokosi, iye angotumiza. Taonaninso kuti nsapato ili ndi nambala yake. Pa salaula peya iliyonse ndi imodzi yokha, ndipo popanda nambala mudzataya mauthenga asanu mukufunsana kuti "iti? yoyera ija? ya mizere?" Mungathenso kusintha mawuwo pang'ono, linki ya pa Facebook ikhale ndi mawu ake, ya pa TikTok akenso, kuti pakutha kwa mwezi mudziwe kumene ogula enieni akuchokera. Ambiri adzadabwa kupeza kuti kumene kuli phokoso lalikulu si kumene kuchokera ndalama.

WhatsApp Business, imene inatuluka mu Januwale 2018 ndipo ndi yaulere, ili ndi zida zitatu zimene ziyenera kukhala pa foni ya wogulitsa aliyense. Catalog ndi shelefu ya zithunzi ndi mitengo. Quick replies ndi mayankho osungidwa kale, amene amatuluka mukalemba chizindikiro cha /, kotero kuti za malo okumanira ndi kalipiridwe simuzilemba kambirimbiri. Labels ndi zizindikiro zoika pa macheza, kuti mudziwe amene wangofunsa, amene wavomera koma sanalipire, ndi amene walandira katundu. Chachitatuchi ndicho fanelo yanu yooneka ndi maso. Lamlungu madzulo muwerenge anthu pa chizindikiro chilichonse ndi kulemba manambala asanu m'kabuku: oona, olemba, opitiriza, ovomera, olipira. Masabata anayi akwanira kuti bowo lidzionetse lokha. Oona ambiri koma olemba ochepa, vuto lili pa chithunzi, malo kapena anthu olakwika. Olemba ambiri amene akhala chete akamva mtengo, vuto ndi mtengo wobisika kapena wosagwirizana ndi anthu amene mwakopa. Ovomera amene asowa, vuto ndi mantha.

Pa mantha amenewa tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mabuku a kunja satithandiza. Kumene fanelo imeneyi inalembedwa, munthu amakanikiza batani, khadi lilipira, kampani ya mapaselo ibweretsa, ndipo zikalakwika banki imathandiza kubweza. Kuno mtsikana wa ku Chelstone amene wakonda nsapato nambala 14 akupemphedwa kutumiza K350 pa Airtel Money kapena MTN MoMo kwa munthu amene sanamuonepo. Foni yake yomweyo ili ndi mauthenga a akathyali aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. ZICTA inachita kukhazikitsa *707# yoti anthu azinenerako manambala otere, ndiye kuti vutoli si nthano. Aliyense wa ife adziwa wina amene analipira wigi kapena foni pa peji yokongola, m'mawa mwake napeza kuti amutsekera. Choncho pamene wogula wanena kuti "nditenga" kenaka zii, kawirikawiri sikuti wasintha maganizo pa nsapato. Wafika pa khomo la PIN ndipo mtima wagunda.

Wogulitsa nayenso ali ndi mantha ake, ndipo ndi oona. Akatumiza katundu ndalama isanabwere, wanjinga yamoto afika ku Chelstone, foni ya wogula yazima, ulendo wopita ndi wobwera ulipiridwa ndi mwini nsapato. Kapena wogula atumiza chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti walipira, koma ndi chopanga. Lamulo apa ndi limodzi: ndalama yafika pokhapokha mwaona balansi yanu yakwera pa foni yanu, osati pa chithunzi chimene wina wakutumizirani. Motero anthu awiri oona mtima aima mbali ziwiri za mtsinje, aliyense adikira mnzake ayambe kuwoloka, ndipo malonda afera pamenepo.

Chimene chimagwira ntchito ndi kugawa chiopsezo kuti aliyense anyamule kagawo kamene angapirire. Wogula alipire ya mayendedwe chabe poyamba, tinene K60, yotsala alipire nsapato ili m'manja mwake. Iye akataya, wataya K60, osati K410. Wogulitsa akanamizidwa, ulendo unalipiridwa kale ndipo nsapato ibwerera. Kwa amene safuna kulipira mayendedwe, pakhale malo ndi nthawi zodziwika. Kuchoka ku Kabwata kupita ku Chelstone pa minibasi ndi kudzera m'tauni, mabasi awiri kupita, awiri kubwera, theka la tsiku chifukwa cha peya imodzi ya phindu la K150. Zimenezo si bizinesi. Koma anthu a ku Chelstone ambiri amabwera okha m'tauni, ku ntchito kapena ku sukulu. Mtsikana wathu akanena kuti Lachitatu ndi Loweruka masana amapezeka pa Levy Junction, ndipo a mbali ya Great East Road angamupeze pa East Park tsiku lakutilakuti, maoda asanu aperekedwa pa ulendo umodzi, pamalo a anthu ambiri pamene palibe amene aopa mnzake. Wogula ayesa nsapato, atumiza ndalama ali chiimire, onse amva foni ikulira.

Wa ku Kabulonga kapena Woodlands kawirikawiri ali ndi vuto lina. Iye K60 ya wanjinga kapena ya Yango siimuvuta, chimene safuna ndi kudikira ndi kufunsa kawiri. Afuna kumva kuti paselo ifika pa geti ofesi isanatseke, ndipo ifikedi. Choncho si nzeru kukhala ndi yankho limodzi kwa onse. Funso lakuti "muli mbali iti?" libwere msanga, ndipo mayankho awiri akhale okonzeka, la wofuna kutengera yekha ndi la wofuna kubweretseredwa. Mtengo wa mayendedwe unenedwe pamodzi ndi mtengo wa katundu. Munthu amene wavomera K350 ndiyeno pamapeto amva kuti pali K60 ina amamva ngati wakoledwa, ngakhale kuti K410 akanaivomera akanaimva poyamba.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamapha malonda ambiri mwakachetechete. Munthu akamatumiza ndalama pa foni, asanatsimikize amaona dzina la mwini nambala. Peji ili ndi dzina la bizinesi, amene akucheza naye ndi mtsikana, koma dzina limene latuluka ndi la mwamuna wina, chifukwa simu inalembetsedwa pa chitupa cha amalume zaka zapitazo. Wogula sadzafunsa. Adzangokanikiza batani lobwerera. Ngati nambala ili m'dzina la wina, nenani musanapemphe ndalama: dzina limene lituluke ndi lakuti, ndi amalume anga. Koposa apo, lembetsani nambala m'dzina lanu, kapena funsani za nambala ya amalonda ku kampani ya foni yanu. Ndipo musaiwale kuti kutumiza ndi kutapa kuli ndi mtengo wake, kuphatikizapo msonkho wa boma pa ndalama zotumizirana pa foni umene unayamba mu Januwale 2024. Ndi ndalama zochepa, koma kukangana za "ya kutapira" pa mphindi yomaliza kwathetsa malonda ambiri. Ziwerengereni mumtengo kuyambira pachiyambi.

Umboni nawo uli ndi malo ake, ndipo malo ake ndi apa, osati pamwamba. Chithunzi cha kasitomala atavala nsapato, mwachilolezo chake, uthenga wake wothokoza dzina ndi nambala zitabisidwa, vidiyo yaifupi ya inu mwini nkhope ikuoneka muli pamalo odziwika, izi zimachita zambiri kwa munthu amene chala chili pa PIN kuposa nyimbo iliyonse yotchuka imene mungaike pansi pa vidiyo. Pa salaula onjezani chilungamo chimene ena amachiopa: jambulani chidendene, jambulani pamene padyeka. Wogula amene waona chilema asanalipire sabweza katundu, ndipo amakhulupirira zithunzi zanu zotsatira.

Nanga batani lija la Boost post, limene Facebook imatikodola nalo tsiku ndi tsiku? Silili loipa. Limalola kusankha kuti positi ionekere anthu a mu Lusaka chabe, a zaka zakutizakuti, ndiponso kuti akakhudza afike pa WhatsApp yanu. Koma masamu ake ndi ouma mtima. Tiyerekeze kuti mtsikana wathu walipira K200 ndipo zabweretsa mauthenga 25. Uthenga uliwonse wamudyera K8. Ndi fanelo yake yakale, pamene 4 mwa 60 ndiwo analipira, afunika mauthenga 15 kuti agulitse peya imodzi. Ndiye kuti kasitomala mmodzi wamugula pa K120, pa phindu la K150. Watsala ndi K30, imene sikwanira ngakhale minibasi ya tsikulo. Manje tiyerekeze kuti wakonza pansi, mtengo uli poyera, malo okumanira alipo, ndipo mmodzi mwa asanu amalipira. Mwina uthenga udzakwera mtengo, tinene K12, chifukwa olemba achepa. Kasitomala mmodzi ndi K60, phindu lotsala K90. Batani ndi lomwelo, nsapato ndi zomwezo. Amene alipira kutsatsa asanatseke mabowo akuthira madzi m'chidebe chothyoka, ndipo akulipira pa kapu iliyonse.

Chotsala ndi chimene chithunzi cha fanelo chimabisa kotheratu, chifukwa chimathera pa kugula ngati kuti nkhani yatha. Kwa wogulitsa wamng'ono, munthu amene wagula kamodzi ndiye chuma chenicheni. Mantha ake anatha, saizi yake muidziwa, kumene akhala mudziwa. Ndipo apa pali lamulo la WhatsApp limene ambiri salilabadira. Status yanu imaoneka kwa munthu pokhapokha inu mwasunga nambala yake ndipo iyenso wasunga yanu. Uthenga wa Broadcast list, imene imatenga manambala mpaka 256, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Choncho pempho lofunika kwambiri pa malonda onse ndi lija la pomaliza, nsapato zitaperekedwa: "Ba sisi, sungani nambala yanga, belo latsopano ndimaika pa Status Lachisanu m'mawa." Inunso musunge yake mwanzeru, dzina, saizi ndi malo, mwachitsanzo dzina lake kenaka 6 Chelstone. Tsiku limene mwapeza saizi 6 yabwino, musanaiike poyera, muitumize kwa anthu asanu ndi awiri amene avala 6 ndipo anagulapo. Nthawi zambiri peya yotere siifika n'komwe pa Facebook.

Manambala 300 otere amaposa otsatira 8,000, pa chifukwa chinanso chimene aliyense amene anaberedwapo peji adzachimvetsa. Otsatira si anu, ndi a kampani imene ili ndi pulogalamuyo. Peji ikatsekedwa kapena kubedwa, apita onse tsiku limodzi. Manambala olembedwa m'foni ndi m'kabuku amatsala. Koma chuma chimenechi chimaonongeka msanga mukachigwiritsa ntchito mwadyera. Kuponya anthu m'gulu la WhatsApp popanda kuwapempha kumaonetsa manambala awo kwa alendo, ndipo ambiri amatuluka ali okwiya. Zithunzi makumi anayi pa Status tsiku limodzi zimaphunzitsa anthu kukutsekani pakamwa, ndipo simudzadziwa kuti anatero, mudzangoona oonera akuchepa. Zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi mtengo ndi saizi, zikwanira.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Lusaka amagula mwezi ukatha. Munthu amene pa 14 wanena kuti "ndidzakuuzani" kawirikawiri sakunama, akudikira malipiro. Uthenga umodzi waulemu pa 27 kapena 28, wonena kuti nsapato ija ikalipo, kapena kuti inapita koma yabwera ina ya saizi yomweyo, umabweza ena mwa iwo. Umodzi chabe. Wachiwiri ndi wachitatu ndi kutopetsa munthu. Ngati afuna kuti mumusungire, dipoziti ya K100 ndi tsiku lomaliza lodziwika zimateteza onse awiri, chifukwa peya yosungidwa ndi pakamwa chabe ndi ndalama yogona pa shelefu pamene ena aifuna.

Tinene poyera kuti zonsezi zili ndi malire. Fanelo yabwino singagulitse nsapato ya K350 imene munthu angaipeze pa K250 akayenda mphindi khumi kupita ku Kamwala. Ngati mtengo uli poyera, mayankho ndi achangu, malo okumanira alipo, koma anthu sakulembabe, uthengawo ndi wa katundu, osati wa foni, ndipo yankho lili pa kasankhidwe ka pa belo m'mamawa. Palinso malonda amene mtengo wake sungalembedwe ndi nambala imodzi. Keke ya ukwati, diresi yosoka, kuluka tsitsi, zonsezi zimadalira kukula ndi kapangidwe. Koma ngakhale wophika makeke wa ku Woodlands angathe kulemba kuti ya anthu khumi iyambira pa mtengo wakuti, oda ifike masiku atatu tsikulo lisanakwane, theka lilipiridwe poyamba. Kwa iye dipoziti si nkhani yokambirana, chifukwa keke yolembedwa dzina la mwana wa wina singagulitsidwe kwa munthu wina, ndipo mazira, shuga ndi magetsi zapita kale. Fanelo yake ili ndi masitepe ofanana ndi a mtsikana wa nsapato, koma bowo lake lalikulu lingakhale pena, mwina pa tsiku limene kasitomala afuna, mwina pa kanyamulidwe ka keke pa msewu wa mabampu. Adzalidziwa akawerenga manambala ake asanu kwa masabata anayi.